Wokana kubetcha mpamba wake pa koyini si wamantha, masamu ali mbali yake

Funso lija lazunguliranso m'magulu a pafoni ndipo monga mwa nthawi zonse anthu alusirana. Limati uli ndi K500,000, ndiwo mpamba wako wonse, wina akubwera n'kunena kuti tiponye koyini, ikagwa hedi ndikupatsa K600,000, ikagwa telo iweyo undipatsa K400,000, ulowa kapena ayi? Gulu lina likuti kulowa basi, masamu ake ndi a ku pulayimale. Hafu ya 600 ndi 300, hafu ya 400 ndi 200, ukachotsera pakutsala 100, nde pa avereji jugayi ikukupatsa K100,000 yaulere. Amene akukana akutchedwa amantha, ena akuti ndi mbuli za masamu, ena akuti ndi chifukwa chake anthu oterewa adzakalamba akugulitsa geni yomweyo pa benchi lomwelo.

Ine ndili mbali ya okanawo. Osati chifukwa chowamvera chisoni ayi, koma chifukwa iwo ndi amene awerenga chinthu choyenera kuwerenga. Avereji ya K100,000 ija ndi yoona, palibe akuitsutsa, kungoti ikuyankha funso lina. Ikuwerenga makwacha ngati kuti kwacha iliyonse imalemera chimodzimodzi pamoyo wa munthu, pamene zoona zake n'zakuti K100,000 yoyambirira imagwira ntchito yaikulu kuposa K100,000 yachisanu, ndipo yachisanuyo imaposa yakhumi. Mukangovomereza mfundo imodzi yokhayi, kuti ndalama iliyonse yowonjezera imathandiza koma mocheperako kuyerekeza ndi yomwe unali nayo kale, kuopa juga kumatuluka kokha mu masamu, simufunika kuwonjezerapo mantha kapena umbuli kuti mukufotokoze.

Tiyeni timuone munthuyo pafupi. Tinene kuti ndi mayi wa kaunjika mumsika, ndipo K500,000 ija ndi imene amaoda nayo belo, kulipira chiphaso cha msika, thiransipoti, ndi kutapako ya ufa ndi renti. Akawina n'kufika pa K1,100,000 zinthu zikhala bwino ndithu, aoda mabelo ochulukirapo, mwina agula ndi firiji yomwe wakhala akuilakalaka. Koma akaluza n'kutsala ndi K100,000 si kuti moyo wangotsika pang'ono, belo sangaodenso, makasitomala ake apita pa benchi la mnzake, alandilodi akubwera kumapeto kwa mwezi, ndipo njira yotsala ndi ya katapila. K400,000 imene angataye ikuchokera pa ufa ndi pa geni yeniyeniyo, pamene K600,000 imene angapeze ikupita pa zinthu zabwino koma zoti angathe kudikira. Wowerenga avereji waziika pa sikelo imodzi ngati ndi zofanana.

Akatswiri a zachuma amati tisayeze ndalama, tiyeze yutiliti, yomwe ndi nambala yosonyeza mmene chuma chakutichakuti chikulemerera kwa mwini wake. Ndipo lamulo lake ndi lophweka. Pa juga iliyonse tenga yutiliti ya chotsatira chilichonse, uchulukitse ndi mwayi woti chichitike, uphatikize. Ngati zotsatira zili ziwiri, A ndi B, ndipo mwayi wa A ndi p, zimalembedwa EU = p × u(A) + (1 − p) × u(B), pomwe u(A) ndi yutiliti ya A ndipo u(B) ndi ya B. Nambala yotulukayo ndiyo yutiliti yoyembekezeka, ndipo umaiyerekeza ndi yutiliti ya zomwe uli nazo kale m'manja. Dongosolo lake ndi lofunika kwambiri apa, ndipo ndi pomwe ambiri amaphonya. Umayamba wasandutsa ndalama iliyonse kukhala yutiliti kenako n'kutenga avereji. Sumayamba ndi avereji ya ndalama.

Kuti tione manambala tigwiritse ntchito sikweya ruti, u(w) = √w, ndipo ndalama tiziwerenga m'masauzande kuti ziro asatichulukire. Sikweya ruti ili ndi khalidwe lomwe tikulifunalo. Kuchoka pa 0 kufika pa 100 imakwera ndi 10, kuchoka pa 100 kufika pa 400 imakweranso ndi 10 yemweyo koma wafunika ndalama zokwana katatu, ndipo kuti ikwere ndi 10 wina uyenera kufika pa 900. Tiyambe ndi juga yosakondera mbali, yoti ukawina K400,000, ukaluza K400,000, chifukwa manambala ake amatuluka oyera. Mayi uja akawina ali pa 900, yutiliti 30. Akaluza ali pa 100, yutiliti 10. Hafu ya 30 kuphatikiza hafu ya 10 ndi 20. Tsono akangokhala phee osalowa ali pa 500, ndipo sikweya ruti ya 500 ndi 22.36. Nde onani, avereji ya ndalama ndi 500 mbali zonse ziwiri, koma yutiliti ya kukhala phee ndi 22.36 pamene ya juga ndi 20. Chifukwa chake chikuoneka mukayang'ana masitepe awiriwo, kuwina kwamukweza ndi 7.64 yokha, kuchoka pa 22.36 kufika pa 30, pamene kuluza kwamutsitsa ndi 12.36. Ndalama ndi zofanana koma kugwako n'kwakutali kuposa kukwerako.

Pali funso lina labwino kuposa loti ulowa kapena sulowa. Kodi jugayi kwa mayiyu ikufanana ndi ndalama zingati za m'manja? Yutiliti yake ndi 20, ndipo ndalama yomwe sikweya ruti yake ndi 20 ndi 400. Kutanthauza kuti kukhala mu jugayi kwa iyeyo n'chimodzimodzi kukhala ndi K400,000 yotsimikizika, olo kuti avereji ikuti K500,000. Mpata wa K100,000 pakatipo ndiwo mtengo wa chiopsezocho kwa iye. Atamukakamiza kulowa, atha kulipira mpaka K100,000 kuti amuchotsemo ndipo sanapusitsidwe. Bizinesi yonse ya inshuwalansi imakhala mu mpata umenewu, kampani imatenga ndalama yoposa avereji ya zomwe ungataye, iwe n'kuvomera chifukwa kwa iwe kutaya kwakukuluko kumapweteka kuposa mmene avereji ikunenera.

Mukafuna kuziona ndi maso tengani pepala. Pansi lembani ndalama, m'mbali yutiliti, mujambule mzere wa sikweya ruti, umakwera mothamanga koyambirira kenako n'kumagonera pang'onopang'ono koma osatsika. Mzere wopindika choncho ndi umene amautcha konkevu. Ikani kadontho pa 100 ndi kena pa 900, mulumikize ndi rula. Mzere wa rulawo udutsa pansi pa wopindikawo njira yonse. Pakati penipeni pa mzere wa rula ndi pomwe pali juga, pa 20, ndipo pamwamba pake pa mzere wopindika ndi pomwe pali ndalama ya m'manja, pa 22.36. Izi sizidalira sikweya ruti ayi. Mzere uliwonse wopindika motero, rula imadutsa pansi, ndipo katswiri wa masamu wa ku Denmark Johan Jensen anatsimikizira mfundoyi mu 1906. Mzere ukakhala wowongoka rula imagona pomwepo ndipo munthuyo alibe nazo kanthu za chiopsezo, amangoona avereji. Ukapindikira kwinako, rula imadutsa pamwamba ndipo munthuyo amaikonda juga. Anzathu a avereji aja, osadziwa, akunena kuti munthu aliyense wanzeru ayenera kukhala ndi mzere wowongoka, kuti kwacha ya ufa ndi kwacha ya firiji ndi imodzi.

Tsopano tibwerere ku juga yomwe yayambitsa mkanganoyi, ya kuwina 600 ndi kuluza 400. Akawina ali pa 1,100, yutiliti 33.17. Akaluza ali pa 100, yutiliti 10. Avereji yake ndi 21.58, yomwe ikuchepabe kwa 22.36. Mukaibweza ku ndalama ikufanana ndi K466,000 ya m'manja, nde akumupempha kusinthanitsa K500,000 ndi chinthu chomwe kwa iye ndi cha K466,000. Akukana, ndipo akulondola. Si kuti angakane chilichonse. Kuti avomere kuika K400,000 pa koyini, mphotho iyenera kupitirira pang'ono K705,000. Kapena ngati mphotho ili K400,000 yomwe ija, mwayi wowina ukhale pafupifupi 62 pa 100 osati 50. Munthu woopa chiopsezo ali ndi mtengo wake, kungoti wopereka jugayo sanaufike.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Tengani munthu wina wa mtima womwewo, sikweya ruti yomweyo, koma ali ndi K10 miliyoni. Juga yomweyo imusiya pa 9,600 kapena pa 10,600, yutiliti 97.98 kapena 102.96, avereji 100.47, pamene kukhala phee ndi 100. Alowa mosaganiza kawiri. Ndipo juga yosakondera ija, imene mayi wa kaunjika amalolera kulipira K100,000 kuti aithawe, bwanayu angalipire K4,000 yokha. Anthu awiri a mtima umodzi, wina wakana wina wavomera, onse awerenga bwino. Kusiyana kwake ndi pomwe aima pa mzerewo, wina ali pomwe wapindika kwambiri, wina ali kutali komwe kachigawo kakang'ono kamaoneka ngati kowongoka. Nde mukamva bwana akunena kuti iye analemera chifukwa cholimba mtima, muzifunsa kaye kuti pomwe ankaika ndalamazo kumbuyo kunatsala zingati.

Izi si zatsopano. Daniel Bernoulli, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anazilemba mu pepala lomwe linatuluka ku St Petersburg mu 1738, ndipo chitsanzo chake ndi chomwechi. Anati tiyerekeze mmphawi watola tikiti ya lotale yomwe mwayi wake ndi hafu kwa hafu, kupeza madukati 20,000, ndalama za nthawi imeneyo, kapena osapeza kanthu. Avereji ndi 10,000. Kodi akaigulitsa pa 9,000 wapusa? Bernoulli anati ayi, ndipo anawonjezera kuti munthu wolemera kwambiri ndi amene angakhale wopusa atakana kuigula pa mtengo umenewo. Iye anagwiritsa ntchito logarizimu, yomwenso mzere wake ndi wopindika chonchi, pamene sikweya ruti tagwiritsa ntchito panoyi anaiganiza kale Gabriel Cramer mu 1728.

Tsono otsutsa ali ndi mfundo zawo ndipo zina ndi zolimba, sindizinyoza. Yoyamba imati avereji sinama, ukasewera juga yokomera iwe kambirimbiri mapeto ake uwina basi, ndi mmene makampani a juga ndi a inshuwalansi amapangira ndalama. Izi n'zoona, koma taonani zomwe makampaniwo amachita. Amasewera timajuga tambirimbiri tomwe kalikonse ndi kakang'ono poyerekeza ndi chuma chawo, nde akaluza kano awina kena. Mayi uja akusewera kamodzi, ndi magawo anayi mwa asanu a chuma chake chonse. Akaluza ulendo woyamba alibenso K400,000 yoti aike ulendo wachiwiri, nde kambirimbiri kaja kachokera kuti? Ndipo olo mutati apitirize kuika gawo lomwelo la zomwe watsala nazo, zinthu zikuipiraipira. Kuwina kumachulukitsa chuma chake ndi 2.2, kuluza kumachulukitsa ndi 0.2. Akawina kamodzi n'kuluza kamodzi, zomwe ndi zomwe koyini imakonda kuchita, 2.2 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 0.44, watsala ndi K220,000 pa K500,000 ija. Akabwereza kawiri kena watsala ndi zosakwana K100,000. Avereji ikukwerabe pa pepala chifukwa cha munthu mmodzi mwa ambiri amene angawine motsatizana n'kukhala mpondamatiki, koma ambiri amene alowa akutha. Avereji imeneyo ndi ya gulu lonse, mayiyo ndi munthu mmodzi.

Mfundo yachiwiri imati yutiliti ndi nambala yongopeka, ndani anaiyezapo, ndipo bwanji sikweya ruti osati china? Apa ndivomereza kuti sikweya ruti ndaisankha chifukwa manambala ake ndi osavuta, palibe amene anabadwa nayo m'mutu. Mutatenga logarizimu ya Bernoulli, juga ya 100 kapena 900 ija ikufanana ndi K300,000 ya m'manja osati K400,000, chifukwa logarizimu ndi yopindika kwambiri. Kukula kwa mantha kumasintha malinga ndi kupindikako, koma mbali yomwe yankho lagwera sisintha. Komanso manambala a 10, 20, 30 aja paokha alibe tanthauzo, mutha kuwachulukitsa onse ndi 100 kapena kuwonjezera 7 pa iliyonse, chisankho chikhala chomwecho, chofunika ndi kutalikirana kwa masitepe. Ndipo kuyeza kumatheka. Mufunseni munthu kuti pakati pa koyini ya 100 kapena 900 ndi ndalama ya m'manja, ndi pa ndalama zingati pomwe angati zonse n'chimodzimodzi. Akati 350, mwapeza kadontho kamodzi pa mzere wake. Mufunsenso za koyini ya 100 kapena 350, ndi ya 350 kapena 900, madontho akuchuluka, mzere ukuoneka. John von Neumann ndi Oskar Morgenstern, m'zaka za m'ma 1940, anasonyeza kuti ngati zosankha za munthu pakati pa majuga zikutsata malamulo ochepa osadzitsutsa, mwachitsanzo akakonda A kuposa B ndi B kuposa C akondenso A kuposa C, ndiye kuti pali mzere wa yutiliti womwe ukufotokoza zosankha zakezo. Mzerewo sutsika kumwamba, umachokera pa zomwe munthuyo akusankha.

Yachitatu ndi yomwe imandivuta kwambiri. Imati ngati anthu amaopa chiopsezo, nanga bwanji mashopu obetchera mpira ali odzaza, ndipo odzazamowo si olemera? Munthu wa mzere wopindika sayenera kulowa olo juga yosakondera, nanji yokondera kampani. Tinene matimu awiri ndi ofanana mphamvu ndipo palibe dulo, kampani n'kuika 1.90 mbali zonse. Ukaika K10,000 ubweza K19,000 hafu ya nthawi, avereji K9,500, wataya K500 usanayambe n'komwe. Mu masamu a yutiliti yokonkevu palibe njira yoti ameneyu alowe. Nde apa chiphunzitsochi pachokha sichikufotokoza zonse zomwe anthu amachita, ndipo akatswiri anaziona kalekale. Milton Friedman ndi Leonard Savage mu 1948 anadabwa ndi munthu yemweyo wogula inshuwalansi n'kugulanso tikiti ya lotale, ndipo anayesa kufotokoza ndi mzere womwe umapindikira uku pena n'kupindikira uko pena. Pali nzeru pamenepo. Mnyamata amene akufuna njinga yamoto ya kabaza ndipo akuona kuti posunga pang'onopang'ono sadzafika, kwa iye ndalama zapakatikati sizisintha kanthu koma zikangokwana za njinga moyo wasintha, nde pa chigawo chimenecho mzere wake ndi wopindikira kwinako. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky mu 1979 anawonjezera kuti anthu timakuza timwayi tating'onoting'ono m'mutu mwathu, kamwayi ka kamodzi pa sauzande timakamva ngati n'kotheka ndithu. Ena akungogula chisangalalo cha mphindi 90 basi. Koma onani kuti zonsezi sizikugwetsa mfundo yanga. Wobetcha yemweyo amene amaika K1,000 pa tikiti ya magemu khumi, mumuuze kuti aike mpamba wake wonse pa koyini, muona akubwerera m'mbuyo. Kafukufuku yemweyo wa 1979 anapeza kuti anthu 80 pa 100 anasankha 3,000 yotsimikizika kusiya mwayi wa 80 pa 100 wopeza 4,000, womwe avereji yake ndi 3,200.

Apa ndiyenera kuwadzudzulako a mbali yanga, chifukwa ena amva zoti kukana n'kwanzeru nde akufuna kubisala kuseri kwa Bernoulli pa chilichonse. Kupindika kwa mzere kumateteza wokana juga yaikulu, sikuteteza wokana kajuga kakang'ono kokomera iye. Mayi yemwe uja, pa K500,000 yake, atapatsidwa koyini ya kuluza K1,000 kapena kuwina K1,100, avereji ndi K50, ndipo mtengo wa chiopsezo pa sikweya ruti sukukwana olo K1. Ayenera kulowa. Pa kachigawo kakang'ono chonchi mzere uliwonse umakhala ngati wowongoka. Matthew Rabin anasonyeza mu 2000 mmene izi zilili zovuta, kuti munthu amene amakana koyini ya kuluza madola 100 kapena kuwina 110 kaya ali ndi chuma chotani, ngati chifukwa chake ndi kupindika kwa yutiliti kokha, ndiye kuti ayeneranso kukana koyini ya kuluza madola 1,000 olo mphotho itakhala yaikulu bwanji, zomwe palibe munthu wabwinobwino angachite. Nde munthu akamakana timwayi tating'ono tabwino, monga kuyesa katundu watsopano wa ndalama zochepa pa benchi lake, chikumugwira si masamu a Bernoulli, ndi kuwawa kwa kungomva kuti ndaluza, ndipo kumeneko kumadyadi ndalama pakapita nthawi. Njira yosiyanitsira ndi kufunsa kuti ndikaluza mawa ndidzuka ndikuchita geni yomweyi kapena ayi. Ngati yankho ndi eya, avereji ikhale yotsogolera. Ngati ndi ayi, yutiliti ndiyo iyankhule.

Mfundo yomaliza ya otsutsa imati chabwino, masamu ako ndi oona, koma mapeto ake wosauka azikana mwayi womwe wolemera akuutenga, nde wolemera azingolemerabe. Izi n'zoona ndipo n'zowawa, tawona kale kuti juga yomweyo bwana wa K10 miliyoni akuitenga n'kupindula pa avereji. Koma ngati vuto ndi pomwe munthu waima pa mzere, kumunyoza kuti ndi wamantha sikusuntha kanthu. Chomwe chimasintha yankho ndi kukula kwa jugayo. Tengani koyini yomwe ija, kuwina kamodzi ndi hafu pa zomwe waika, koma mayi aike K100,000 m'malo mwa K400,000. Akaluza ali pa 400, yutiliti 20. Akawina ali pa 650, yutiliti 25.50. Avereji ndi 22.75, yaposa 22.36, ndipo alowa ndi mtima wonse. Munthu yemweyo, koyini yomweyo, mantha omwewo ngati mukufuna kuwatcha mantha. Mutawerengera bwinobwino, pa sikweya ruti ndalama yabwino kuika ndi pafupifupi K167,000, ndipo pa logarizimu ndi pafupifupi K83,000, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mpamba. Nde funso loti ulowa kapena ayi linali lolakwika kuyambira pachiyambi chifukwa labisa funso lenileni loti ulowa ndi zingati. Amayi a mumsika amene amasonkherana awiri kapena atatu kuoda belo limodzi n'kugawana akuyankha funso limeneli, belo likatuluka la zinyalala aliyense wapsa pang'ono ndipo mawa onse ali pa benchi.

Njira ina ndi kugawa chiopsezo chomwecho pawiri, ndipo Bernoulli anaiwerengera mu pepala lomwe lija. Wamalonda wake ali ndi katundu wa madukati 4,000 kwawo ndi wina wa 8,000 kunja komwe ayenera kubwera pa nyanja, ndipo sitima imodzi mwa khumi iliyonse imamira. Kaya aika zonse mu sitima imodzi kaya agawa mu ziwiri, avereji ndi yomweyo, madukati 11,200, nde wowerenga avereji anganene kuti palibe kusiyana, osavutika. Koma mu sitima imodzi mwayi wotaya 8,000 yonse ndi 1 pa 10, pamene mu sitima ziwiri kuti zonse zimire ndi 1 pa 100, ndipo chomwe chachuluka ndi kutaya hafu, komwe kumapweteka mocheperako kwambiri. Atawerengera ndi logarizimu, chuma cha wamalondayo ndi sitima imodzi chinafanana ndi madukati 10,751 a m'manja, ndi sitima ziwiri 11,033. Madukati 282 apezeka popanda kugulitsa kanthu kena kowonjezera, ndipo akamachulukitsa sitima nambalayo imayandikirayandikira ku 11,200 koma siipitirira.